Madzi a mu gemu yanga akutsimphina pa foni ikangodutsa mphindi imodzi

Mavuto (Ulongwe):
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndikupanga kagemu ka bwato lowoloka Zambezi, ka mu burauza, ndi WebGL 1. Madzi ndawapanga ndi tekisicha imodzi, chithunzi cha mapikiselo 256 mbali zonse, ndipo sheda, kapulogalamu kojambula pa sikirini, ikungoikankha kuti iziyenda. Pa laputopu zonse zili bwino, ngakhale nditaisiya ola lathunthu. Pa foni yanga madzi amayamba bwinobwino, koma ikangodutsa mphindi imodzi amayamba kutsimphina, kenako pa mphindi zisanu amakhala akudumpha ndipo chithunzi chimasanduka timabokosi. Bwato lokha limayendabe mosalala. Sheda yake ndi iyi:

```glsl
precision mediump float;
uniform sampler2D u_madzi;
uniform float u_time;
varying vec2 v_uv;

void main() {
  vec2 uv = v_uv * 4.0 + vec2(u_time * 0.2, 0.0);
  gl_FragColor = texture2D(u_madzi, uv);
}
```

`u_time` ndi masekondi kuchokera pamene tsamba latsegulidwa. Ndalakwitsa pati?

Fatsani (Zobwe):
Achimwene, imeneyo ndi netiweki. Kuno kumalire foni imangosinthasintha, pena ya Malawi pena ya kwathu kuno, ndipo vidiyo ikayamba timabokosi timadziwa kuti intaneti yafooka. Yesani pamalo pamene pakugwira bwino. Apo ayi ndiye foni ikutentha, chifukwa ikatentha imadzichepetsa liwiro yokha.

Mavuto (Ulongwe):
Zikomo a Fatsani, koma si vidiyo ayi. Tsamba likatseguka palibenso chimene chimatsitsidwa, ndayesa nditazimitsa data ndipo ndi chimodzimodzi. Za kutenthazo ndinaziganiziranso, koma kuno ku Angonia mwezi uno kukuzizira, ndipo kauntala yanga ikuonetsabe mafulemu 60 pa sekondi pamene madzi akudumphapo. Chinanso, ndikangotsegulanso tsamba, madzi amabwerera mwakale nthawi yomweyo, foni isanapume n'komwe.

Tadala (Moatize):
Vuto lili pa mzere woyambawo. Chotsani `mediump` muikepo `highp`, basi nkhani yatha. Ine masheda anga onse ndimayamba ndi `precision highp float;` ndipo sindinaonepo zimenezi.

A Phiri (Songo):
Tadala waloza pamalo oyenera, koma ndisanavomere mankhwala akewo ndikufuna Mavuto aone chimene chikuchitika, chifukwa chidzamupezanso pena.

Mavuto, mawu ako akuti "ndikatsegulanso tsamba amabwerera mwakale" ndi amene akuulula. Chimene chimabwerera pa 0 ukatsegulanso tsamba ndi `u_time` yokha. Ndiye matendawa akukula limodzi ndi nambala imeneyo.

Pa mafoni ambiri `mediump` imasungidwa m'mabiti 16. M'mabiti ochepa chonchi nambala imakhala ndi malo a madijiti atatu okha odalirika, kapena kuposera pang'ono. Ungalembe 1.23, ungalembe 12.3, ungalembe 123, koma 123.45 siikwana, mchira umadulidwa. Nambala ikamakula, mpata wa pakati pa iyo ndi inzake yotsatira umakulanso. Pakati pa 16 ndi 32 mpatawo ndi 1/64, womwe ndi pafupifupi kutalika kwa fulemu imodzi, ndiye diso siliona kanthu. Pakati pa 64 ndi 128 mpata ndi 1/16. Apa tsopano foni ikujambula ka 60 pa sekondi, koma nthawi imene sheda ikuiona ikusintha ka 16 kokha, mafulemu pafupifupi anayi otsatizana akulandira nambala imodzi. Kumeneko ndiko kutsimphina kwa pa mphindi imodzi. Pa masekondi 300 mpata wafika 0.25, madzi akusuntha kanayi kokha pa sekondi.

Timabokosito ndi nthenda yomweyo pamalo ena. Pa masekondi 300, `u_time * 0.2` ndi 60, ndiye `uv` yako ili pakati pa 60 ndi 64. Kumeneko mpata ndi 1/32 wa tekisicha yonse. Tekisicha yako ili ndi mapikiselo 256, gawa ndi 32, wapeza 8. Sheda ikutha kuloza pikiselo imodzi mwa 8 alionse, enawo ikuwalumpha.

Laputopu siionetsa chifukwa matchipi ambiri a pa kompyuta amawerenga mawu akuti `mediump` n'kungowerengerabe m'mabiti 32.

Usandikhulupirire chabe. Ku JavaScript onjezera 300 pa nthawi usanaitumize, utsegule pa foni. Ngati ndikunena zoona, madzi adzayamba ali odwala kale pa sekondi yoyamba.

Mavuto (Ulongwe):
Bambo Phiri, ndaonjezera 300 ija. Timabokosi pompopompo, tsamba lisanakhale ndi sekondi. Ndayesanso 1100 kuti ndione, madzi akusuntha kamodzi pa sekondi ngati dzanja la wotchi.

A Phiri (Songo):
Eya, chifukwa kuyambira 1024 mpaka 2048 mpata ndi 1 wathunthu. Njira yoonjezera nambala imeneyi uisunge. Sheda iliyonse yokhala ndi nthawi uziiyesa choncho, m'malo mokhala pansi kudikira mphindi 17.

Tadala (Moatize):
Chabwino a Phiri, zamveka, koma zonsezi zikungotsimikiza zimene ndanena. Mabiti akuchepa, ndiye muonjezere mabiti. Mavuto wayesa `highp` koma?

Mavuto (Ulongwe):
Ndayesa achemwali, ndipo pa foni yanga zatheka, madzi akuyenda bwino ngakhale ndi 1100. Koma pa foni yakale ya mng'ono wanga sheda yakana, pamalo pa mtsinje palibe chikuoneka.

A Phiri (Songo):
Ndi chimene ndimaopa. Mu GLSL ES 1.00, imene WebGL 1 imagwiritsa ntchito, `highp` ndi yokakamiza mu sheda ya veteksi yokha. Mu ya fulagimenti wopanga tchipi ali ndi ufulu woisiya. Mali-400, imene inali m'mafoni ambiri otsika mtengo, ilibe. Ndipo mafoni otere sanathe m'manja mwa anthu, amangochoka kwa mkulu kupita kwa mng'ono. Ngati gemu ndi ya ana a ku Ulongwe ndi ku Tsangano, foni ya mng'ono wakoyo ndiye woweruza, osati yako.

Pali njira yofunsira tchipi ngati ili nayo:

```glsl
#ifdef GL_FRAGMENT_PRECISION_HIGH
precision highp float;
#else
precision mediump float;
#endif
```

Izi zichititsa kuti sheda isakane, koma pa foni yakaleyo madzi atsimphinabe monga kale. Komanso ngakhale mabiti 32 ali ndi malire ake. Nthawi ikafika masekondi 131072, omwe ndi tsiku ndi theka, mpata umafikanso pa 1/64. Kwa gemu ya m'manja palibe amene adzafike kumeneko, Tadala akhoza apo. Koma kwa sikirini ya m'sitolo imene siizimitsidwa, sabata isanathe ziyamba kuoneka.

Zione (Tete):
Pepani kulowerera ndi yanga, koma mwina ndi pachibale. Ndinapanga madzi ngati amenewa kumbuyo kwa tsamba la malo ena ogona alendo m'mbali mwa mtsinje. Anga sankatsimphina ayi, ankangoima chilili, ngakhale pa laputopu, ndi `highp` yemwe. Ukawasiya kwa kanthawi n'kubwerako umapeza asintha kamodzi. Ndinataya masiku awiri ndisanazindikire kuti ndinkatumiza `Date.now()` mwachindunji. Nditasintha n'kuika `performance.now() / 1000` anayamba kuyenda, koma chifukwa chake ndachimvetsa lero powerenga za a Phirizi.

A Phiri (Songo):
Ndi pachibale ndithu, mayi. `Date.now()` imawerenga mamilisekondi kuchokera mu 1970, ndiye panopa ndi nambala ya madijiti 13. JavaScript imaisunga m'mabiti 64 popanda vuto, koma ikangolowa mu `uniform float` imafinyidwira m'mabiti 32, ndipo pa kukula kumeneko mpata ndi mamilisekondi 131072, mphindi ziwiri ndi pang'ono. Madzi anu ankayenda, koma phazi limodzi pa mphindi ziwiri zilizonse.

Nkhani yanuyi ikutipatsanso yankho la Mavuto. Mbali imene ili ndi mabiti ochuluka ndi JavaScript. Masamu a nambala zazikulu achitikire kumeneko, sheda izilandira kanambala kakang'ono kokha.

Zione (Tete):
Mavuto, pamene ukukonza, ndili ndi mawu pa maonekedwe. Tekisicha imodzi yoyenda mbali imodzi imaoneka ngati chitenje chikukokedwa pansi, osati madzi. Ukaima pa mlatho wa Samora Machel n'kuyang'ana pansi, mizere ya pamadzi imasintha maonekedwe ikuyenda, siingosuntha. Uwerenge tekisichayo kawiri, pa kukula kosiyana ndi liwiro losiyana, ndipo yoyamba izipotoza yachiwiri pang'ono. Chinanso, ukalemba `+` madzi amapita kumanzere. Ngati ukufuna apite kumanja uike `-`.

Mavuto (Ulongwe):
Zoonadi achemwali, ndimadabwa kuti bwanji akupita kumbuyo. Ndachita zonse ziwiri. Nthawi ndaizungulitsa ndi `t % 60` kuti isakule, ndipo ndaika gawo lachiwiri la liwiro 0.08. Akuoneka ngati madzi tsopano! Koma kwabwera china. Mphindi iliyonse ikakwana, mtsinje wonse umagwedezeka kamodzi ngati wina wausuntha ndi dzanja. Komanso chakumapeto kwa mphindi kutsimphina kuja kumamvekabe pang'ono.

Tadala (Moatize):
Ndiye mwaona, mwasiya vuto limodzi n'kutola lina.

A Phiri (Songo):
Ili ndi losavuta, tiyeni tiwerengere limodzi. Tekisicha yoikidwa pa `gl.REPEAT` imadzibwereza pa nambala yathunthu iliyonse. Kusuntha ndi 12.0 n'chimodzimodzi kusuntha ndi 0.0. Gawo loyamba lili ndi liwiro 0.2, ndipo 60 kuchulukitsa ndi 0.2 ndi 12, nambala yathunthu, ndiye pobwerera pa 0 palibe chioneka. Lachiwiri, 60 kuchulukitsa ndi 0.08 ndi 4.8. Likuchoka pa 4.8 n'kugwera pa 0, tekisicha isanamalize ulendo wake wachisanu. Kugwedezekako ndi 0.8 ameneyo.

Ndipo 60 ikadali nambala yaikulu kwa mabiti 16. Kuyambira 32 kupita m'tsogolo mpata ndi 1/32, mafulemu awiri pa nambala imodzi. Ndicho ukuchimva chakumapetoko.

Usazungulitse nthawi. Zungulitsa mtunda umene gawo lililonse lasuntha, palokhapalokha, pa 1:

```js
const t = performance.now() / 1000;
gl.uniform2f(locA, (t * 0.20) % 1, 0);
gl.uniform2f(locB, (t * 0.08) % 1, (t * 0.03) % 1);
```

Sheda isaonenso nthawi n'komwe:

```glsl
precision mediump float;
uniform sampler2D u_madzi;
uniform vec2 u_a;
uniform vec2 u_b;
varying vec2 v_uv;

void main() {
  float k = texture2D(u_madzi, v_uv * 2.0 - u_b).r - 0.5;
  float m = texture2D(u_madzi, v_uv * 3.0 - u_a + k * 0.06).r;
  vec3 c = mix(vec3(0.10, 0.22, 0.20), vec3(0.42, 0.54, 0.47), m);
  c += smoothstep(0.78, 0.90, m) * 0.35;
  gl_FragColor = vec4(c, 1.0);
}
```

Taona dongosolo lake: uyambe wachulukitsa `v_uv`, kenako uchotse `u_a`. Ukalemba `(v_uv - u_a) * 2.5`, kudumpha kwa 1 kuja kusanduka 2.5 ndipo kugwedezeka kubwereranso.

Ndatsitsa 4.0 yako kufika 3.0 mwadala. Nambala yolozera tekisicha tsopano siipitirira 4, ndipo pansi pa 4 mpata ndi 1/512 kapena kucheperapo, theka la pikiselo ya tekisicha yako. Ukadzafuna mafunde ang'onoang'ono n'kuika 8.0 kapena 10.0, mpatawo udzakula ngakhale nthawi itaima, chifukwa cha kukula kwa `uv` yokha.

Chimodzi chimene ambiri sachiona: liwiro la pa sikirini ndi liwiro lako kugawa ndi nambala yochulukitsira ija. Gawo loyamba ndi 0.20 kugawa 3, pa sikirini ya mapikiselo 720 ndi mapikiselo 48 pa sekondi. Lachiwiri ndi 0.08 kugawa 2, pafupifupi 29. Ukanasankha 0.13 m'malo mwa 0.08, onse awiri akanayenda pafupifupi limodzi, ndipo chitenje cha mayi Zione chija chikanabwerera.

Mavuto (Ulongwe):
Bambo, zatheka pa mafoni onse awiri. Ya mng'ono wanga ndaisiya mphindi 40 ili pa chaja, madzi akuyenda monga anayambira. Ndafuna kumvetsa `k * 0.06` ndiye ndinaikweza kufika 0.3, madzi anayamba kuoneka ngati mafuta oyandama. Pa 0.02 kupotoza sikuoneka. Ndaisiya pa 0.07.

Ndikufuna kuikanso `sin` kuti kuwala kuzigwedera. Pamenepo ndizungulitse pa 1 momwemo?

A Phiri (Songo):
Ayi, `sin` imadzibwereza pa 2π, osati pa 1. Utumize `(t * 1.5) % (2 * Math.PI)` ngati `uniform` yakeyake. Ndipo mkati mwa sheda usaichulukitsenso ndi nambala yosakhala yathunthu ngati 1.3. Ndi 2.0 kapena 3.0 palibe vuto. Ukafuna liwiro lina, tumiza ina.

Tadala (Moatize):
Ine ndikanangoika `fract(uv)` mu sheda momwemo, ntchito yonseyi ya ku JavaScript n'kuisiya. Si ndiye kuzungulitsa pa 1 komweko?

A Phiri (Songo):
Kumabwera mochedwa, mwanangu. Pamene `fract` ikulandira nambala, mchira unadulidwa kale. Ikapatsidwa 60.25 m'malo mwa 60.263 ibweza 0.25, zotayikazo singazipeze. Ilinso ndi vuto lake. Ngati unaitana `gl.generateMipmap`, tchipi imasankha kope loti iwerenge poyerekeza `uv` ya mapikiselo oyandikana. Pamene `fract` ikugwa kuchoka pa 0.99 kufika pa 0.0, tchipi imaganiza kuti tekisicha yonse yapanikizidwa pa pikiselo imodzi, n'kutenga kope laling'onong'ono. Chimene umaona ndi kamzere kopyapyala koyenda ndi madzi. `gl.REPEAT` ilibe zimenezo.

Tadala (Moatize):
Za kamzereko ndavomera, ndinakaonapo ndipo ndinkayesa tekisicha ndiyo yolakwika. Koma pa `highp` sindinasinthe maganizo. Mu WebGL 2 imapezeka nthawi zonse, ndipo mafoni amene akugulitsidwa panopa ambiri ali nayo. Ine sindingalembe kodi yanga yonse poganizira foni ya zaka khumi zapitazo.

Zione (Tete):
Zimatengera amene ukumulembera, Tadala. Alendo a pa tsamba langa ali ndi mafoni atsopano. Osewera a Mavuto ayi.

Fatsani (Zobwe):
Tsopano ndamva kuti si vidiyo. Ndakopera sheda ya a Phiri kuti ndiyese nanenso. Tekisicha ndaika chithunzi chimene ndinajambula ndekha pa Revubwe mwezi wa Febuluwale, madzi ali ofiira ndi dothi. Koma chikutuluka ndi mtundu umodzi wobiriwira moderapo, palibe chikuyenda. Sheda siikudandaula chilichonse.

Zione (Tete):
Chithunzicho ndi chachikulu bwanji? Mu WebGL 1, `gl.REPEAT` imafuna kuti mbali zonse zikhale 128, 256, 512, 1024, nambala zowirikiza kawirikawiri. Ukaipatsa china, tekisicha imawerengedwa ngati yakuda bii. Mu shedayi chakuda chikutanthauza kuti `m` ndi 0, ndiye `mix` ikukupatsani mtundu woyamba uja wokhawokha. Tsegulani konsolo ya burauza, nthawi zambiri imachenjeza kumeneko.

Fatsani (Zobwe):
Ndi 1600 kwa 1200. Ndachidula kukhala 512 kwa 512, chayamba kuyenda. Koma kufiira kuja kulibe, ndipo pali mizere yowongoka yodula mtsinje, pamene chithunzi chikuthera n'kuyambiranso.

A Phiri (Songo):
Kufiirako kulibe chifukwa sheda ikutenga `.r` yokha ngati muyeso wa kuwala, mtundu ukuchokera mu `mix`. Mukafuna Revubwe wa nthawi ya dzinja, sinthani manambala awiriwo, mwachitsanzo `vec3(0.30, 0.18, 0.10)` ndi `vec3(0.62, 0.45, 0.30)`, ndipo 0.35 wa kunyezimira mumutsitse, poti madzi a dothi sanyezimira ngati a kuno ku Cahora Bassa.

Mizereyo ndi chifukwa m'mphepete mwa kumanja mwa chithunzi chanu simufanana ndi mwa kumanzere. Njira yachidule ndi `gl.MIRRORED_REPEAT`, imene imatembenuza chithunzi ulendo uliwonse kuti m'mphepete muzikumana. Koma mukatero, chithunzi chimadzibwereza pa 2, ndiye ku JavaScript mulembe `% 2` m'malo mwa `% 1`, apo ayi mudzaona kugwedezeka kwa Mavuto kuja. Diso limathanso kuzindikira kutembenuzako ngati chithunzi chili ndi chinthu choonekera, monga nthambi yoyandama. Chabwino koposa ndi kukonza m'mphepete mwa chithunzicho mu pulogalamu yojambulira.

Mavuto (Ulongwe):
Ndili ndi lomaliza. Mtsinje weniweni umathamanga pakati, m'mbali umayenda pang'onopang'ono, ndipo mu gemu ndikufuna wosewera aziona zimenezo asanaponye bwato. Ndachulukitsa `u_a` ndi nambala yochokera ku `v_uv.y`, 1.0 pakati ndi 0.3 m'mbali. Masekondi asanu alionse mtsinje ukugwedezeka, ndipo usanagwedezeke mafunde akumakokeka ngati mphira.

A Phiri (Songo):
Masekondi asanuwo ndi 1 kugawa 0.20, nthawi imene `u_a` imabwerera pa 0. Pakati ikudumpha ndi 1, sizioneka. M'mbali ikudumpha ndi 0.3, zioneka. Apa kuzungulitsa kwathu kwafika pamalire ake. Ndipo ngakhale utapanda kuzungulitsa, kukokekako kuzingokula, chifukwa mizere yoyandikana ikutalikirana sekondi iliyonse.

Njira imene ndimaidziwa ndi kuwerenga tekisicha kawiri ndi mawotchi awiri osiyana ndi theka la ulendo. Iliyonse imakokeka kwa kanthawi n'kubwerera, ndipo umaizimiritsa pamene ikubwerera, inzake ili pakati pa ulendo ikuoneka mokwanira. Imagwira ntchito, koma madzi amakhala ngati akupuma, kuwala n'kuzilala, ndipo kubisa zimenezo ndi ntchito ina. Komanso uwerenga tekisicha katatu kapena kanayi pa pikiselo iliyonse. Uyese pa foni ya mng'ono wako uone ngati mafulemu satsika.

Tadala (Moatize):
Ine ndikanagawa mtsinje m'mizere itatu kapena isanu, uliwonse ndi liwiro lake lozungulitsidwa palokha, n'kusakaniza pokumanira ndi `smoothstep`. Palibe kukokeka, palibe kupuma.

A Phiri (Songo):
Ingatheke, koma pokumanirapo mafunde awiri osiyana liwiro adzapyozana, ndipo ndikukayika ngati diso silidzaona malirewo pa mtsinje wotambalala.

Zione (Tete):
Kapena madziwo uwasiye pa liwiro limodzi, uponyemo timitengo ndi thovu zoyandama, zapakati zothamanga, zam'mbali zochedwa. Munthu akaima m'mbali mwa Zambezi liwiro amaliona pa zinthu zimene madzi anyamula.

Mavuto (Ulongwe):
Ndiyamba ndi ya achemwali a Tadala usiku uno, mizere itatu, chifukwa ndi imene ndikutha kuilemba panopa. Timitengoto ndiika ngakhale zitatheka. Bambo Phiri, mukapeza mpata mundilembereko poyambira pa ya mawotchi awiriyo, makamaka pozimiritsapo, ndidzaziyerekeze pa foni yakale ija Loweruka.